Pending ikakana kuchoka: chimene foni yanu ikudikira

Pa Nsaru, pa Kabudula, pa Namitete, paliponse pamene pali benchi ya wokonza mafoni, dandaulo limodzi silisowa. Munthu wadzuka m'mawa, WhatsApp yamuuza kuti yatha nthawi, ikufunika yatsopano. Walowa mu Play Store, wadina Update, kamzere kayamba kuzungulira, ndipo pansi pa dzina la apuyo palembedwa mawu amodzi okha: Pending. Wadikira mpaka dzuwa lafika paliwombo, mawuwo osachoka. Netiweki ilipo, dzulo lomweli amacheza bwinobwino pa Facebook, nanga chavuta n'chiyani? Apa ndi pamene wina amamulangiza kuti foniyo yadwala, akaifulashitse. Amakwera kabaza, amalipira wokonza, ndipo amabwerako ndi foni yopanda zithunzi za ana, yopanda manambala a makasitomala, mwinanso yotsekeka kotheratu.

Zimenezi zimandipweteka mtima chifukwa kawirikawiri foni yolemba Pending siinawonongeke. Ikudikira chinthu china chake, ndipo chinthucho chimapezeka ngati munthu afufuza mwadongosolo, kuyambira pa zosafuna ndalama kukathera pa zoopsa. Kufulasha kuli kumapeto kwenikweni kwa mndandandawo, ndipo ambiri safunika kufikako.

Mafoni ochuluka m'madera athu ano ndi a Android: itel, Tecno, Infinix ndi Samsung zotsikirapo mtengo. Onsewa amatenga maapu ku Play Store, msika wa kampani ya Google umene unatenga dzinali mu 2012, pamene kale unkatchedwa Android Market. Mukadina Install, Play Store siyamba kukoka apu nthawi yomweyo. Imalemba pempho lanu pamzere, kenako imayang'ana ngati zinthu zingapo zili m'malo: kodi intaneti yololedwa ilipo, kodi palibe apu ina yomwe ili patsogolo, kodi malo m'foni akwana, kodi ingathe kulankhulana ndi makompyuta a Google m'dzina la akaunti yanu. Chimodzi chikasowa, pempholo limangokhala pamzere. Zili ngati kuchigayo: thumba lanu lafika, alilandira, koma kugaya sikuyamba ngati magetsi kulibe kapena matumba a ena ali patsogolo. Chovuta n'chakuti Play Store nthawi zambiri sinena chimene chasowa. Nthawi zina imathandizako polemba Waiting for Wi-Fi, koma kawirikawiri imangoti Pending basi.

Titenge chitsanzo cha mayi wogula soya ndi mtedza pa Nsaru. Ali ndi itel ya 16 GB yokhala ndi masimu awiri, wina wa Airtel, wina wa TNM, ndipo malonda ake ambiri amayendera pa WhatsApp, pomwe amamva mitengo ya ku Lilongwe asanatsegule sikelo. WhatsApp yake yatha nthawi, ndipo Play Store yaima pa Pending. Tiyende naye pofufuza.

Bandulo yake ndi yotani?

Funso loyamba si lakuti netiweki ilipo kapena ayi. Ndi lakuti bandulo imene munagula ndi ya mtundu wanji. Makampani a mafoni amagulitsa mabandulo a mitundu iwiri imene anthu amaisokoneza. Pali yotsegula intaneti yonse, ndipo pali yotchipa ya macheza okhaokha, yomwe imalola WhatsApp kapena Facebook basi. Anthu ambiri kumudzi amagula yachiwiriyi chifukwa ndiyo ikugwirizana ndi thumba, ndipo palibe cholakwika. Koma WhatsApp yatsopano siichokera ku WhatsApp. Imachokera ku makompyuta a Google, ndipo bandulo ya macheza siifika kumeneko. N'chifukwa chake munthu amatha kutumiza mauthenga tsiku lonse, Play Store ili chiimire.

Kuyesa kwake n'kosavuta. Tsegulani Chrome, lembani dzina lililonse, kaya Namitete, ndipo onani ngati zotsatira zikubwera. Zikabwera, intaneti yonse ilipo. Tsamba likakana kutseguka pamene mauthenga akuyenda, vuto mwalipeza: gulani bandulo yotsegula zonse. Pogula, yang'anani kukula kwa apu, komwe Play Store imaonetsa pa tsamba la apuyo isanalowe m'foni, ndipo gulani yoposerapo ndithu. Apu ya 50 MB musaigulire bandulo ya 50 MB yeniyeni, chifukwa intaneti ikangotseguka, maapu ena m'foni nawonso amayamba kumwa nawo mwakachetechete.

Mayi wa pa Nsaru uja ali ndi msampha winanso: masimu awiri. Foni imagwiritsa ntchito simu imodzi yokha pa intaneti nthawi imodzi. Atha kugula bandulo yabwinobwino pa simu yachiwiri pamene foni ikufunafuna intaneti pa simu yoyamba, yomwe ili ndi ya macheza yokha. Izi zimakonzedwa mu Settings, pa gawo la masimu, posankha simu yoyenera pamene palembedwa Mobile data.

Kenako yang'anani kachilembo kamene kali pamwamba pa sikirini, pafupi ndi timizere ta netiweki. Timizereto timangonena kuti foni ikumvana ndi nsanja, koma kachilemboko ndiko kamanena liwiro la intaneti. 4G kapena LTE ndi yabwino. H kapena H+ imakwanitsa. E ndiye vuto. Pa E liwiro limatha kukhala pafupifupi makilobiti 100 pa sekondi, ndipo pa liwiro limenelo apu ya 50 MB imafuna nthawi yoposa ola lathunthu, ngati netiwekiyo siiduka n'komwe. Meseji ya mawu imadutsa pa E mosavuta chifukwa ndi yaing'ono kwambiri, ndipo izi zimanamiza munthu kuti intaneti ili bwino. Okhala m'mbali mwa msewu wa M12 wopita ku Mchinji, monga pa Mpingu ndi pa Namitete, ndiponso amene ali pa misika ikuluikulu, nthawi zambiri amakhala pafupi ndi nsanja. Koma wa m'mudzi wa m'kati, kunsi kwa dambo cha ku Nambuma kapena kuseri kwa Kabudula, angafunike kukwera pamtunda kapena kusunga ntchitoyi mpaka tsiku lopita kumsika. Asananyamuke, ayambe wayatsa Airplane mode kwa kanthawi n'kuizimitsanso, chifukwa kutero kumakakamiza foni kufunafuna nsanja mwatsopano, ndipo nthawi zina imachoka pa E n'kugwira 4G pamalo omwewo.

Lamulo la wayifayi kumene kulibe wayifayi

Tsopano mayi uja wagula bandulo yotsegula zonse, Chrome ikutsegula masamba, pamwamba pali 4G, koma Pending ikadalipo. Apa tilowe mu Play Store momwemo. Dinani kachithunzi kozungulira ka akaunti yanu pakona yakumanja kumwamba, sankhani Settings, kenako Network preferences, kenako App download preference. Mupeza zosankha zitatu: Over any network, Over Wi-Fi only ndi Ask me every time.

Foni ikakhala pa Over Wi-Fi only, ndiye kuti inalamulidwa kuti isakoke apu iliyonse pa bandulo, idikire wayifayi. Lamulo limeneli n'lothandiza kwa wogwira ntchito mu ofesi ku City Centre, amene amapeza wayifayi m'mawa uliwonse. Kwa mlimi wa kwa Kabudula, foniyo itha kudikira chaka chonse. Nthawi zambiri mwini wake sakumbukira kuti anasankha zimenezi. Mwina anasankha ndi mwana wake pofuna kumupulumutsira ndalama, mwina ndi mwini wakale ngati foniyo ndi yogula kwa wina. Sankhani Over any network, kapena Ask me every time ngati mukufuna kuti foni izikufunsani kaye isanadye bandulo. Kwa ine, yachiwiriyi ndiyo yoyenera munthu wogula bandulo ya tsiku ndi tsiku. Mukasintha, bwererani pa apu ija, dinani Cancel, kenako yambitsaninso, chifukwa pempho lakale limatha kukhalabe likutsatira lamulo lakale lija.

Ena amati akamva kuti foni ikufuna wayifayi, amapempha mnzawo kuti awayatsire hotisipoti. Nzeru yabwino, koma nthawi zina siigwira. Foni ya Android imatha kuzindikira kuti wayifayi imeneyi ikuchokera pa foni inzake, choncho imaiona ngati intaneti yolipira mwa muyeso, n'kupitiriza kudikira. Kukonza kwake n'kulowa pa dzina la wayifayiyo mu Settings ndi kusankha Treat as unmetered, ngati foni yanu ili ndi chosankhachi. Apo ayi, sinthani lamulo la mu Play Store lija basi.

Palinso mlonda wina wa bandulo wotchedwa Data Saver, amene amapezeka mu Settings ya foni pa gawo la netiweki. Ntchito yake n'kuletsa maapu kugwiritsa ntchito intaneti pamene simukuwayang'ana. Koma kukoka apu ndi ntchito imene imachitikira kuseri, makamaka mukatuluka mu Play Store kapena sikirini ikazima. Muzimitseni kwa kanthawi, kapena lolani Play Store ndi Google Play services pa mndandanda wa Unrestricted data. Chimodzimodzinso chopulumutsa batire. Kumudzi, kumene foni imatchajidwa pa sola ya mnansi kapena kolipira pamsika, anthu ambiri amasiya Battery saver ili choyaka masiku onse, ndipo nayonso imachedwetsa ntchito za kuseri. Ngati muli ndi VPN, makamaka zija achinyamata amaikirana ponena kuti zimapereka intaneti yaulere, izimitseni kaye, chifukwa imadutsitsa intaneti yanu njira yaitali imene imaduka kawirikawiri.

Amene ali patsogolo pamzere

Chifukwa ichi chimagwira kwambiri foni zimene zimakhala masabata osaona intaneti yonse. M'masabata amenewo maapu a m'foni amakhala akukalamba: Chrome, YouTube, Gmail, Maps ndi ena amene anabwera ndi foni, ngakhale mwini wake sanawatsegulepo. Tsiku limene wagula bandulo yotsegula zonse, Play Store imaona mwayi n'kuyamba kukonzanso onsewo. Kwa zaka zambiri inkakoka apu imodzi nthawi imodzi, ndipo ndi mu 2024 pamene Google inayamba kulola maapu angapo kuyendera limodzi, koma ngakhale pamenepo ndi awiri kapena atatu okha. Apu imene inu mukuifuna imakhala kumbuyo kwa onsewa, ikulemba Pending, pamene bandulo yanu ikutha ndi zinthu zomwe simunapemphe.

Kuti muone mzerewu, dinaninso kachithunzi ka akaunti kaja, sankhani Manage apps & device. Ngati pali zimene zikukokedwa, ziwoneka pamenepo, ndipo mukalowa mkati mupeza mndandanda wonse. Dinani Cancel all, kapena kachizindikiro ka X pa apu iliyonse imene simukuifuna lero. Kenako pitani pa apu yanu ija n'kuiyambitsa yokha. Kuti zisadzachitikenso, bwererani ku Network preferences, lowani pa Auto-update apps, sankhani Don't auto-update apps.

Apa ndichenjeze pang'ono. Mukazimitsa zimenezi, udindo wokonzanso maapu wabwera m'manja mwanu. Maapu a ndalama, kaya a banki, a Airtel Money kapena a Mpamba, komanso Chrome ndi WhatsApp, amafunika kuwakonzanso nthawi ndi nthawi chifukwa zatsopanozo zimatseka mipata imene akuba amalowera. Muzisankha tsiku limodzi pamwezi, muli pamalo a netiweki yabwino, n'kukonzanso ofunikawo limodzilimodzi.

Malo m'foni

Tibwerere kwa mayi wa soya. Lamulo la wayifayi lasinthidwa, mzere wachotsedwa, koma kamzere kakungozungulirabe, kapena apu ikufika pakati n'kubwerera poyambira. Tsopano tiyang'ane malo. Foni yolembedwa 16 GB pa katoni siikupatsani 16 GB yonse, chifukwa gawo lalikulu ndithu linatengedwa kale ndi Android ndi maapu obwera nayo. Zotsalazo zimadzaza msanga ndi mavidiyo a m'magulu a WhatsApp: a kutchalitchi, a ndale, a maukwati, a nthabwala. Lowani mu Settings, kenako Storage. Tinene kuti mayiyu wapeza kuti kwatsala 300 MB. Atha kuganiza kuti apu ya 50 MB ikwana bwinobwino. Koma apu imabwera yopanikizidwa, ndipo ikafika imafunika kumasulidwa ndi kukhazikitsidwa, pamene yakale ikadali m'malo mwake mpaka yatsopanoyo itakhazikika. Android nayonso imasunga malo ena oti izipumira. Malangizo a Google eni ake amati malo akatsika kufika pansi pa 1 GB, muyambe kuchotsa zinthu.

Njira yabwino yochotsera mavidiyo ili mu WhatsApp momwemo, pa Settings, Storage and data, Manage storage, pomwe imaonetsa mafayilo akuluakulu ndi otumizidwa kambirimbiri. Koma kwa mayiyu WhatsApp yatseka chitseko, ndiye njira imeneyi palibe. Agwiritse ntchito apu yoonera mafayilo, Files kapena File Manager. Pa foni za Android 11 kupita m'tsogolo, zinthu za WhatsApp zimakhala apa:

```
Android/media/com.whatsapp/WhatsApp/Media
```

Pa foni zakale zimakhala mu WhatsApp/Media. M'menemo muli WhatsApp Video, ndipo mkati mwake muli Sent, momwe mumakhala makope a mavidiyo amene munatumizira ena. Kuchotsa mavidiyo makumi angapo kumatha kubweza malo oposa 1 GB. Asakhudze foda yotchedwa Databases, chifukwa ndimo muli zosunga za macheza ake. Ndipo akachotsa, ayang'ane ngati apuyo ili ndi Trash kapena Bin. Apu ya Files ya Google imasunga zochotsedwa masiku 30, ndipo malo sabwerera mpaka mutakhuthula m'menemo. Anthu ambiri amachotsa zinthu madzulo onse n'kudabwa kuti malo sakuwonjezeka, chifukwa chake n'chimenechi.

Cholakwa chachikulu pa sitepe iyi n'kuchotsa WhatsApp yonse poganiza kuti yatsopano ilowa mosavuta. Ngati vuto silinali malo, munthu amatsala wopanda yakale, wopandanso yatsopano, ndipo ngati macheza sanasungidwe pa Google Drive, atha kutayika. Musachotse apu imene mukufuna kuikonzanso.

Memore khadi nayonso iyenera kukayikiridwa. Pamisika pamapezeka makadi achinyengo, olembedwa 64 GB pamene mkati mwake ndi ochepa kwambiri, komanso makadi otopa ndi kulowa m'makompyuta osiyanasiyana kobenera nyimbo. Ngati foni inaikidwa kuti izisunga maapu pa khadi yotero, kukoka kumaima. Zizindikiro zake ndi nyimbo zodukaduka, zithunzi zosatseguka ndi mafayilo osowa okha. Ngati khadiyo ndi yongosungira nyimbo ndi zithunzi, zimitsani foni, ichotseni, yatsaninso, n'kuyesa popanda iyo.

Wotchi yolakwika

Ichi ndi chifukwa chimene anthu sachiganizira, koma kwathu kuno chili ndi mizu iwiri. Woyamba ndi batire. Foni zina zikakhala masiku zili chizimire chifukwa chosowa potchaja, kapena batire ikachotsedwa kuti akaitchaje payokha, zimadzuka zikuwerenga tsiku la zaka zapitazo. Muzu wachiwiri ndi nzeru imene anthu amapatsana: WhatsApp ikatha nthawi, bwezani deti la foni m'mbuyo kuti ipitirize kugwira ntchito. Nzeru imeneyi imatha kugula masiku ochepa, koma imatseka njira yopezera yatsopano.

Chifukwa chake n'chakuti foni isanalandire kanthu kuchokera ku Google, imayamba yaona chiphaso cha kompyuta imene ikulankhula nayo, kuti itsimikize kuti si wakuba wodzizimbaitsa. Chiphasocho chili ndi tsiku loyambira ndi tsiku lothera. Foni imene ikuganiza kuti tili mu 2015 imaona chiphaso cha chaka chino ngati chosayamba kugwira ntchito, ndipo imakana kulankhula. Chizindikiro chake n'chakuti Chrome nayonso imachenjeza za wotchi kapena za chitetezo pa masamba ambiri. Lowani mu Settings, pezani Date & time, yomwe pa foni zambiri ili pansi pa System, ndipo yatsani kuti deti ndi nthawi zizichokera ku netiweki zokha. Onaninso kuti dera la nthawi ndi GMT+02:00, lomwe ndi la Malawi. Kenako zimitsani foni n'kuiyatsanso.

Kuzimitsa ndi kuyatsaku musakuderere. Foni za RAM yochepa, ya 1 GB kapena 2 GB, monga zambiri za Android Go, zimapha ntchito za kuseri zikapanikizika, ndipo kukoka apu kumatha kufera pakati, Play Store n'kumaganizabe kuti kukuyenda. Kuyatsa mwatsopano kumamasula zimenezi.

Kutsuka Play Store

Zonsezi zikalephera, ndiye kuti Play Store yeniyeniyo yasokonezeka ndi zotsalira za makokedwe oduka. Kumene netiweki imadukaduka zimenezi sizachilendo. Lowani mu Settings, kenako Apps, pezani Google Play Store. Dinani Force stop. Kenako lowani pa Storage, kapena Storage & cache, n'kudina Clear cache. Yesani. Ikakanabe, bwererani pomwepo n'kudina Clear storage, yomwe pa foni zina imalembedwa Clear data. Foni ichenjeza ndi mawu oopsa, koma pa Play Store izi sizichotsa zithunzi, manambala kapena maapu anu. Zimangoiwalitsa Play Store zosankha zake, choncho mukaitsegulanso mukaonenso malamulo awiri aja a Network preferences.

Samalani kuti mwatsegula apu yoyenera. Clear data yomweyo mukaidina pa WhatsApp, macheza apita ndipo ikufunsani kulembetsanso nambala. Werengani dzina lili pamwamba musanadine.

Pali kapulogalamu kena kobisika kotchedwa Download Manager, kamene kamathandiza kukoka mafayilo. Sikaoneka pa mndandanda wamba. Pa tsamba la Apps dinani timadontho titatu pakona, sankhani Show system, ndipo mukapeza. Ngati pali batani lolembedwa Enable, ndiye kuti wina anakazimitsa, mwina pofuna kuthamangitsa foni pozimitsa chilichonse chimene sanachidziwe. Kayatseni, n'kukatsukanso monga munachitira ndi Play Store. Google Play services nayonso mungaitsuke ndi Clear cache, koma zoichotsera zonse musiye kaye, chifukwa imasunga zinthu zambiri zokhudza akaunti yanu.

Sitepe yomaliza pa gawoli ndi Uninstall updates, yomwe ili pa timadontho titatu pa tsamba la Google Play Store. Imabweza Play Store pamene inali foni ikuchoka kufakitale, kenako imadzikonzanso yokha intaneti ikakhalapo. Imadyako bandulo ndipo imafuna kuipatsa mphindi zingapo, ndiye muichite muli pa netiweki yolimba.

Musanakhudze akaunti

Malangizo ambiri amapitirira kunena kuti chotsani akaunti ya Google m'foni n'kuilowetsanso. Zimathandizadi ngati akauntiyo yasokonezeka, mwachitsanzo pasiwedi itasinthidwa pa foni ina. Koma kumadera athu ano langizo limeneli ndi loopsa kuposa mmene olilemba amaganizira. Anthu ambiri sanatsegule okha akaunti yawo. Anawatsegulira wogulitsa foni ku Lilongwe, kapena mdzukulu amene tsopano ali ku Joni, ndipo pasiwedi inalembedwa pa kapepala kamene kanasowa kalekale. Nambala yolandirira kodi yotsimikizira mwina inali ya simu yomwe inatayika. Munthu wotere akachotsa akaunti, sangathe kuilowetsanso, ndipo manambala onse amene anasungidwa mu akauntiyo amachoka m'foni nthawi yomweyo.

Choncho lamulo ndi ili: musachotse akaunti musanatsimikize kuti dzina lake ndi pasiwedi mukuzidziwa. Kutsimikiza kwake si kukumbukira m'mutu. Tsegulani Chrome, sankhani New Incognito tab, pitani pa accounts.google.com, ndipo yesani kulowa. Mukalowa, mutha kupitiriza. Mukalephera, isiyeni akauntiyo mmene ilili, ndipo yambani mwakonza za pasiwedi foni ikadali yolumikizidwa, chifukwa foni imene ili kale mu akaunti ndiyo umboni wamphamvu woti ndinu mwini wake. Ngati zavutiratu, mutha kutsegula akaunti yatsopano n'kuiwonjezera pambali pa yakale popanda kuchotsa kanthu, kenako kuisankha mu Play Store.

Kufulasha kuli ndi msampha womwewu, koma wokulirapo. Kuyambira pa Android 5.1, mafoni ali ndi chitetezo choletsa wakuba kugwiritsa ntchito foni yobedwa. Foni ikafufutidwa mokakamiza, poyaka imafunsa akaunti ya Google imene inalimo kale. Mwini wake weniweni amene sadziwa pasiwedi amatsekeredwa kunja ngati mbala, ndipo amalipiranso kachiwiri kuti amutsegulire. Okonza mafoni ambiri ndi anthu aluso ndi oona mtima, ndipo wabwino amayamba wafunsa za bandulo, malo ndi akaunti asanalumikize chingwe ku kompyuta. Amene akuthamangira kufulasha asanafunse chilichonse mwa izi, muuzeni mwaulemu kuti, achimwene, tayambani mwaona zinazi kaye.

Pamene foni yakalamba zenizeni

Pali malire amene sitepe iliyonse pamwambapa singawadutse. Google inasiya kukonzanso Google Play services pa Android 4.4 mu 2023, ndi pa Android 5 mu 2024. WhatsApp nayo inasiya kugwira ntchito pa foni za pansi pa Android 5.0 mu Okutobala 2023. Foni zakale zoterezi zikadali m'manja mwa anthu ambiri, zambiri zobwera ndi abale ochokera kunja. Nambala ya Android yanu ili mu Settings, pa About phone. Ngati ili m'gulu limeneli, ndalama yolipira wokonza ndi bwino kuisunga kuti iwonjezere pogula ina.

Ena amathawira ku Xender, kulandira apu kuchokera pa foni ya mnzawo popanda intaneti. Nthawi zina zimatheka, koma si monga kale. Kuyambira mu Ogasiti 2021, maapu atsopano a pa Play Store amaperekedwa m'zidutswa, foni iliyonse n'kulandira zidutswa zogwirizana ndi mtundu wake. Apu yochokera pa Samsung itha kukana kukhazikika pa itel, n'kulemba App not installed. Chodetsa nkhawa kwambiri n'chakuti apu yodutsa m'manja ambiri simudziwa amene anaisintha panjira. Ma WhatsApp osinthidwa monga GB WhatsApp amatha kutsekeretsa nambala yanu, ndipo apu yachinyengo yokhala ndi chilolezo chowerenga mameseji ingaone makodi a ndalama zanu. Apu ya masewera kapena ya Baibulo yochokera kwa munthu womudziwa mwina mungailandire. Apu ya banki kapena ya ndalama za pafoni itengeni ku Play Store basi, ndipo ngati Pending yakanirira lero pamene mukufuna kutumiza ndalama, manambala oimba aja, *211# pa Airtel Money ndi *444# pa Mpamba, amagwira ntchito popanda apu, popanda bandulo, ngakhale pamwamba pali E.